Kupempha tchuthi cha ukwati kapena cha chikondwerero cha chipembedzo popanda kusiya ntchito ili pamtetete

Mabwana ambiri akakana tchuthi cha ukwati sikuti amadana ndi maukwati. Iwonso amavina pa perekaniperekani Loweruka ngati wina aliyense. Chimene amakana ndi mpata umene utsale pa tebulo lanu: adzatsegula ndani sitolo, adzalemba ndani malisiti, adzayankha ndani kasitomala amene anazolowera inu. Choncho ntchito yaikulu ya pempho lanu ndi kuyankhiratu mafunso amenewa bwana asanawafunse. Kufotokoza kuti ukwatiwo ndi wofunika bwanji kwa inu n'kochepa mphamvu, chifukwa zimenezo akuzidziwa kale.

Tiyende ndi chitsanzo chimodzi mpaka kumapeto. Tinene kuti ndinu kalaliki wa za ndalama pa kampani ina yogulitsa katundu wopikulitsa ku Luwinga mu mzinda wa Mzuzu, mumagwira ntchito kuyambira Lolemba mpaka Loweruka, ndipo mng'ono wanu akukwatiwa kwanu ku Balaka Loweruka pa 12 Okutobala. Inu ndinu msungichuma wa komiti ya ukwati, ndiye simungangotulukira pa holo masana ngati mlendo.

Choyamba: dziwani kuti mukupempha chiyani

Lamulo la za ntchito la dziko lino, Employment Act la chaka cha 2000, lilibe tchuthi chapadera cha ukwati. Limanena za tchuthi cha pachaka, cha matenda ndi cha uchembere. Ukwati, chinkhoswe, ubatizo wa mwana, msonkhano wa misasa, zonsezi zimachotsedwa pa tchuthi chanu cha pachaka, pokhapokha ngati malamulo a kampani yanu kapena kontirakiti yanu ili ndi masiku ena owonjezera. Makampani ena ali nawo masiku angapo a zovuta za m'banja, koma kawirikawiri amakhala a maliro ndi matenda, osati a chisangalalo. Werengani buku la malamulo a pantchito panu musanalankhule ndi aliyense.

Pa tchuthi cha pachaka lamulo limati wogwira ntchito masiku 6 pa sabata apatsidwe masiku osachepera 18 olipidwa pa chaka, ndipo wogwira masiku 5 apatsidwe osachepera 15. Apa pali mfundo imene anthu ambiri amaiphonya: masikuwo ndi anu ndithu, koma nthawi yowatengera amaikhazikitsa ndi olemba ntchito atakambirana nanu. Ndiye kulowa mu ofesi ndi mawu akuti "ndi ufulu wanga" n'kudziyikira nokha chipika panjira. Ufulu wa masikuwo muli nawo, koma wa tsiku lenileni la pa 10 Okutobala muyenera kuupempha.

Pitani kwa amene amasunga kaundula wa tchuthi, kaya ndi a ofesi yoona za antchito kaya ndi mlembi wa bwana, mukafunse kuti mwatsala ndi masiku angati. Musadalire kukumbukira kwanu. Tsiku lija munakagona kuchipatala ndi mwana mu Febuluwale mwina analichotsa pa tchuthi chanu inu osadziwa, ndipo ndi bwino kuzidziwa lero kusiyana ndi kudzazimvera pamaso pa bwana.

Chachiwiri: werengani masiku ndi msewu womwe

Apa ndi pamene anthu a kuno ku Mzuzu amene kwawo ndi ku chigawo chapakati kapena cha kummwera amadzipweteka okha. Munthu amachita manyazi kupempha masiku ambiri, ndiye amangoti "Lachisanu ndi Loweruka basi, bwana, Lolemba ndili pano." Pamene Lolembalo likukwana ali pa depoti ku Lilongwe kudikira basi idzaze, akuimba foni yopepesa. Bwana amaiwala msanga kuti munapempha masiku anayi, koma sayiwala kuti munalonjeza Lolemba n'kufika Lachiwiri.

Kuchoka Mzuzu kupita ku Balaka, kaya mudzere msewu wa M1 wa ku Jenda, Kasungu ndi Lilongwe, kaya wa kunyanja wodzera ku Nkhata Bay, Nkhotakota ndi Salima, ndi ulendo wa tsiku lathunthu. Choncho Lachinayi pa 10 ndi la pamsewu. Lachisanu pa 11 ndi la zokonzekera: kulipira otsala a holo ndi a zokuzira mawu, kukumana ndi ankhoswe, kugula zotsala za kukhitchini. Loweruka pa 12 ndi ukwati. Lamulungu pa 13 akwati amakaonekera kutchalitchi, kenaka komiti imakhala pansi kuwerengera ndalama za perekaniperekani ndi kubweza mipando ndi mapoto obwereka, ndipo msungichuma sangathawe msonkhano umenewo. Lolemba pa 14 ndi la pamsewu wobwerera.

Tsopano yang'anani kalendala. Pa 15 Okutobala ndi Tsiku la Anakubala, tchuthi cha boma. Ngati kampani yanu imatseka tsiku limeneli, mudzalowa ntchito Lachitatu pa 16 mutapuma, ndipo pa kaundula padzachotsedwa masiku anayi okha: Lachinayi, Lachisanu, Loweruka ndi Lolemba. Lamulungu ndi tsiku lanu lopuma kale, ndipo tchuthi cha boma sichiwerengedwa pa masiku anu a pachaka. Mudzasowa pa ofesi masiku 6, koma mwapempha 4. Manambala onse awiriwa muwatchule m'pempho. Loyamba ndi limene bwana akuda nalo nkhawa, lachiwiri ndi limene a kaundula adzalembe.

Wina adzati angakwere basi ya usiku Lamulungu kuti m'mawa Lolemba akhale ali pa tebulo. N'zotheka, koma munthu wosagona wogwira ndalama za eni ake ndiye amene amalemba ziro wowonjezera pa cheke. Ine ndingasankhe kupempha tsikulo.

Chachitatu: onani zimene zikugwa m'masiku amenewo pantchito panu

Gawo ili ndi limene limasiyanitsa pempho lovomerezeka msanga ndi lija bwana amati "ndiganizire kaye." Tengani pepala, mulembe chilichonse chimene chimadutsa m'manja mwanu pakati pa 10 ndi 15 Okutobala, kenaka muchigawe patatu: zimene mungamalize musananyamuke, zimene wina angakugwirireni, ndi zimene zingadikire mpaka mutabwera.

Kwa kalaliki wathuyu chinthu chachikulu chikuonekeratu. Msonkho wa PAYE wodulidwa pa malipiro a Seputembala uyenera kufika ku MRA pofika pa 14 Okutobala, tsiku limene iye adzakhale ali m'basi pakati pa Dedza ndi Kasungu. Kuchedwa kwake kuli ndi chindapusa, ndipo bwana aliyense amene anachilipirapo salola kuti zichitikenso. Mukangopempha tchuthi osatchula za msonkhowu, bwana akayang'ana kalendala adzaona 14 yekhayo, n'kukana. Koma malipiro a Seputembala anatuluka kale kumapeto kwa mwezi, ndiye palibe chokuletsani kukonza zonse pa Msonkho Online, njira ya pa intaneti ya MRA, ndi kulipira pofika Lachiwiri pa 8, kuti Lachitatu pa 9 likhale lapadera ngati netiweki yavuta kapena wosayina wachiwiri kulibe. Ndalama za penshoni za antchito nazonso zimatumizidwa m'masabata awiri oyamba a mwezi, ndiye zipite limodzi. Za VAT ndi za pa 25, zimenezo mudzazipeza.

Zotsala ndi za tsiku ndi tsiku: kulandira ndalama kwa ogulitsa madzulo, kukaziyika kubanki m'mawa, kulemba mainivoisi a makasitomala a ngongole, kusunga ndalama zing'onozing'ono za mafuta a galimoto ndi tiyi. Izi sizingachitidwiretu. Zikufuna munthu.

Ntchito iliyonse ili ndi masiku ake oopsa. Wa kubanki amadziwa mzere wa kumapeto kwa mwezi, mphunzitsi amadziwa nyengo ya mayeso, namwino amadziwa kuti ndandanda ya mashifiti ikatuluka kuisintha n'kovuta, ndipo amene ntchito yake imayenderana ndi okushoni ya fodya kuno ku Mzuzu amadziwa kuti miyezi ya msika sipaphethiridwa. Vuto n'lakuti maukwati ambiri amaikidwanso anthu akakolola ndi kumapeto kwa mwezi, pamene m'matumba muli kanthu. Ngati muli m'komiti ndipo tsiku silinakhazikitsidwe, lankhulani pamenepo. Kusuntha ukwati ndi sabata imodzi makadi asanasindikizidwe n'kosavuta kuyerekeza ndi kusuntha tsiku la malipiro a kampani.

Chachinayi: pezani wokugwirirani musanapite kwa bwana

Musatchule dzina la mnzanu kwa bwana musanamufunse mwini wake. Zimachitika kuti munthu akuti "a uje adzandigwirira," bwana n'kuitana a ujewo, iwo n'kudabwa poyera. Pempho limafera pomwepo, ndi ubwenzi womwe.

Mupezeni mnzanuyo padera, mwina pa nthawi ya nkhomaliro, mumuuze zonse: masiku ake, ntchito zake, ndi zimene inu mudzakhale mutamaliza. Mawu ake angakhale awa: "Achemwali, ndili ndi ukwati wa mng'ono wanga ku Balaka pa 12. Za msonkho ndi penshoni ndimaliza ndekha ndisanapite. Chimene ndikupempha ndi chakuti mundilandirire ndalama madzulo ndi kukaziyika kubanki kwa masiku anayi. Mu Disembala mukamapita kwanu, Loweruka lanu ndidzagwira ine." Kubwezerana kumeneku kunenedwe momveka, chifukwa paja chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe, ndipo munthu amagwira ndi mtima wonse akadziwa kuti tsiku lake lidzasungidwa.

Sankhani munthu amene angaigwiredi ntchitoyo komanso amene bwana angamulole kugwira ndalama, osati amene mumangocheza naye bwino. Ngati sanakayikepo ndalama kubanki, pitani naye kawiri sabata yoyamba ya Okutobala, aone kalembedwe ka silipi ndi kumene imasungidwa. Ndipo pasiwedi yanu ya kompyuta kapena ya kubanki musampatse. Chilichonse cholembedwa m'dzina lanu inu muli ku Balaka chidzafunsidwa kwa inu. Pemphani kuti amutsegulire njira yakeyake, kapena zofuna pasiwedi yanu zidikire.

Funsaninso mwakachetechete ngati pali wina mu ofesi amene akufuna masiku omwewo. Pa ofesi ya anthu asanu, awiri sangachoke pamodzi, ndipo amene wayamba kulemba ndiye amapita.

Chachisanu: lankhulani pakamwa, kenaka lembani

Tsiku la ukwati limadziwika miyezi ingapo lisanafike, ndiye palibe chifukwa chodikira mpaka mpingo utayamba kulengeza. Mwezi umodzi kapena masabata 6 ndi nthawi yabwino. Pa chitsanzo chathu, kumayambiriro kwa Seputembala, malipiro a Ogasiti atatuluka ndipo fumbi la kumapeto kwa mwezi litakhazikika. Musalowe Lolemba m'mawa, musalowe bwana akuchokera kokangana ndi kasitomala, ndipo musapemphe pagulu pamene kuvomera kwake kungadzutse ena atatu.

Yambani ndi bwana amene mumagwira naye tsiku ndi tsiku, ngakhale wosayina womaliza ali wina wamkulu. Kumudumpha n'kumuchotsa ulemu, ndipo fomu yanu idzabwererabe pa tebulo lake. Mukagogoda n'kupatsana moni, nenani mwachidule: "Bwana, ndabwera kudzapempha tchuthi cha masiku anayi mu Okutobala, mng'ono wanga akukwatiwa kwathu. Ndaona kuti pa 14 pali za msonkho, ndiye ndakonza kuti ndidzamalize pa 8. Za kubanki ndakambirana ndi a uje, avomera ngati inu mungalole." Mukatero khalani chete, muwasiye afunse. Mawu akuti "ngati inu mungalole" ndi ofunika, chifukwa kugawa ntchito ndi udindo wawo, inu mwangobweretsa maganizo.

Akavomera pakamwa, tsiku lomwelo lembani fomu ya tchuthi, kapena kalata ngati pantchito panu palibe fomu. Maofesi ambiri amalemba m'Chingerezi, koma mfundo zake ndi zomwezi:

"Bwana, monga tinakambirana lero, ndikupempha tchuthi cha masiku 4 ochotsedwa pa tchuthi changa cha pachaka: Lachinayi pa 10, Lachisanu pa 11, Loweruka pa 12 ndi Lolemba pa 14 Okutobala, kuti ndikakhale nawo pa ukwati wa mng'ono wanga ku Balaka. Popeza pa 15 ndi tchuthi cha boma, ndidzasowa pa ofesi masiku 6 ndipo ndidzayamba ntchito Lachitatu pa 16 nthawi ya masiku onse. Msonkho wa PAYE ndi ndalama za penshoni za Seputembala ndidzakhala nditatumiza pofika pa 8, ndipo malisiti ake ndidzakupatsani. A uje avomera kulandira ndalama ndi kukaziyika kubanki m'masiku amenewa. Pa zadzidzidzi ndidzapezeka pa foni Lachisanu ndi Lamulungu madzulo."

Onani chiganizo chomalizacho. Musalembe kuti "ndidzapezeka nthawi iliyonse," chifukwa Loweruka foni idzakhala m'chikwama, nyimbo zili pamwamba, ndipo lonjezo losasungika limaipitsa pempho la chaka chamawa. Musadzazenso kalata ndi mbiri ya banja lanu. Fomu ikasayinidwa, ijambuleni pa foni kapena sungani kope. Lamulo la za ntchito lija limaika kujomba popanda chilolezo pakati pa zifukwa zimene munthu angachotsedwere ntchito popanda notisi, ndiye "anavomera pakamwa" ndi chitetezo chofooka ngati bwanayo wasamutsidwa kapena waiwala.

Pa chifukwa chomwechi, musanamizire matenda kapena maliro. Zithunzi za ukwati zimayenda pa WhatsApp usiku womwewo, inu muli kutsogolo ndi nsalu ya yunifolomu ya banja, ndipo Mzuzu ndi tawuni yoti aliyense ali ndi msuweni wodziwana ndi bwana wanu.

Ngati ndi chikondwerero cha chipembedzo

Njira ndi yomweyi, koma pali zosiyana ziwiri. Choyamba, masiku ena ndi tchuthi cha boma kale: Khirisimasi ndi tsiku lotsatira lake, Lachisanu Loyera, Lolemba la Pasaka, ndi Idi yomasulira Ramadani. Pamenepa chopempha chimakhalapo ngati mumagwira ntchito yosatseka, monga ya kuchipatala, ya ulonda kapena ya kuhotela, ndipo njira yosavuta ndi kusinthana mashifiti ndandanda isanatuluke: Msilamu agwire Khirisimasi, Mkhristu agwire Idi. Koma Idi ya nsembe, imene imabwera patapita miyezi iwiri ndi masiku pafupifupi 10, si tchuthi cha boma. Chimodzimodzi msonkhano wa misasa wa a Seventh Day kapena misonkhano ikuluikulu ya mabungwe a amayi a mumpingo. Izi zimachoka pa masiku anu a pachaka.

Chachiwiri ndi tsiku losadziwikiratu. Kalendala ya Chisilamu imatsata mwezi wa kumwamba, ndipo chaka chilichonse masiku ake amabwerera m'mbuyo ndi masiku pafupifupi 11, choncho bwana amene si Msilamu sangalidziwe tsikulo payekha. Idi ya nsembe imagwa pa tsiku la 10 la mwezi wake, ndiye tsiku lenileni limatsimikizika kutatsala masiku ngati 10. Musadikire pamenepo. Lembani mwezi umodzi zisanachitike kuti mukupempha tsiku limodzi, lidzakhala ili kapena lotsatira lake malinga ndi kuoneka kwa mwezi, kuti wokugwirirani wavomera masiku onse awiri, ndi kuti mudzatsimikiza akuluakulu a chipembedzo akangolengeza. Ngati simukuyenda ulendo, mwina theka la tsiku likukwanirani: swala ya Idi ndi ya m'mawa, koma ngati muli ndi mbuzi yozinga ndi nyama yogawa, nenani zoona kuti ndi tsiku lonse.

Akakana

Funsani mwaulemu kuti chovuta chili pa tsiku liti. Kawirikawiri si masiku onse anayi, ndi limodzi. Mwina Lachinayi pa 10 kukubwera owerengera katundu ochokera kulikulu ndipo akufuna kalaliki alipo. Khalani ndi njira yachiwiri m'thumba: kugwira Lachinayi mpaka madzulo, kukwera basi ya usiku, ndi kupatsira wachiwiri wanu wa m'komiti zolipira za Lachisanu m'mawa. Ngati masiku anu a pachaka anatha, pemphani tchuthi chosalipidwa kapena kubwereka pa a chaka chamawa, podziwa kuti zonsezi ndi kukoma mtima kwa kampani, osati lamulo.

Kukana chifukwa cha ntchito n'kololedwa. Chosaloledwa ndi tsankho: lamulo la za ntchito limaletsa kusala wantchito chifukwa cha chipembedzo chake. Ngati mukuona kuti anzanu a mpingo wina amaloledwa nthawi zonse pamene inu mumakanizidwa popanda chifukwa chomveka, sungani makope a mafomu okanidwawo, dandaulani kaye mwa kalata m'kati mwa kampani kapena kudzera ku bungwe la antchito, ndipo zikakanika ofesi ya zantchito ya boma ilipo kuno ku Mzuzu. Koma musanyamuke mokwiya mutakanizidwa, chifukwa mlandu wa tsankho udzasanduka mlandu wa kujomba.

Tsiku lonyamuka ndi lobwerera

Lachitatu pa 9 madzulo khalani pansi ndi wokugwirirani. Werengani limodzi ndalama za m'kabokosi, mulembe chiwerengero chake, nonse awiri musayine. Makiyi aperekedwe pamaso pa bwana. Siyani pepala limodzi lokha, osati buku: makasitomala a ngongole amene akuyembekezeka kudzalipira ndi ndalama zake, cheke chimene chikudikira sayini, ndi zimene zisakhudzidwe mpaka mutabwera. Malisiti a msonkho ndi a penshoni aikeni pa tebulo la bwana, muwauze kuti ndi amenewo.

Lachitatu pa 16 fikani msanga, muwerengenso kabokosi ndi mnzanu uja musanayambe china chilichonse, kuti ngati pali kusiyana kudziwike kuti kunachitika m'masiku ati. Kenaka dutsani kwa osunga kaundula mukaone kuti achotsa masiku 4, osati 6, chifukwa wolemba wothamanga amangowerenga kuyambira pa 10 mpaka pa 15.